Chubu cha Kumanzere

Pachipatala chonse ankadziwika ndi dzina loti a Kamodzi. Anawapatsa dzinali ndi anamwino a ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni, kalekale imvi zisanatuluke, chifukwa dokotalayu akatsegula mimba ya munthu ankakonza zonse kamodzi n'kusoka, osadzabwererakonso. Eni ake ankati ndi dzina lachibwana, koma wina akaliitana pakhonde ankacheuka msanga kuposa akaitanidwa ndi dzina lenileni. Anali dokotala wa azimayi, ndipo ntchito ankaidziwa, zimenezo palibe akanatsutsa. Vuto linali loti nawonso ankadziwa kuti amaidziwa.

Mwana wawo womaliza, amene kunyumba ankangomutcha Mzime, analinso dokotala pachipatala chomwecho, koma wamtundu wina. Iye mpeni wa opaleshoni sankaugwira. Ankakhala ku labu, kuseri kwa nyumba yochapira, n'kumayang'ana pa maikulosikopu tizidutswa ta minofu timene anzake adula m'matupi mwa odwala, titaikidwa pa timagalasi. Bambo ake zimenezi zinkawadya mumtima. Mwanayo anali ndi manja abwino, osanjenjemera, ndipo iwo ankayembekezera kuti adzawalowa m'malo ku fiyeta. Ndiye pamaso pa alendo ankamutchula kuti "dokotala wathu wa timagalasi", n'kuseka. Ankamukonda ndithu, koma chikondi chake chinali chothira kamchere ka chipongwe.

M'wodi ya azimayi munali mayi wina wosoka zovala, wodwala mtima. Mimba yake yomaliza inatsala pang'ono kumutenga. Miyendo inatupa, kupuma kunali kwa befu, ndipo usiku ankagona chokhala. Dokotala wa mtima anawauza mosabisa, iye ndi mwamuna wake, kuti mimba ina ikadzabwera ndiye maliro. Banjalo linagwirizana zotseketsa, ndipo a Kamodzi anati adzatseka pa opaleshoni yomweyo yochotsa mwana. Kutseka kwake n'kudula kachidutswa pa chubu chilichonse mwa machubu awiri amene dzira limadutsamo popita m'chiberekero, kenako n'kumanga mbali zotsalazo.

Opaleshoniyo inavuta. Mayiyo anali atang'ambidwapo kale pa ana ena, choncho m'mimbamo zinthu zinali zitamatirirana, ndipo kumanzere mitsempha ya magazi inali itatupa ngati zala. Wogonetsa odwala ankangoyang'ana makina a mtima n'kumati fulumirani. Lamulo la ntchitoyi, limene a Kamodzi ankakalipira nalo ophunzira, ndi loti chubu uzichitsatira ndi maso mpaka kumapeto kwake kwa timphonje usanadule. Kumanja anatero. Kumanzere timphonjeto tinali titabisala m'zipsera, nthawi inali itathina, ndipo iwo anakhulupirira zala zawo. Anagwira kanthu kobulungira, kolimbirapo, anamanga, anadula. Tizidutswa tiwiri tija anatiika m'timabotolo tosiyana, kakumanja ndi kakumanzere, n'kutitumiza ku labu monga mwa mwambo. Kwa iwo unali mwambo chabe. Zotsatira zake sankazidikira. M'mawa mwake anaima pabedi pa mayiyo, anasisita khanda patsaya, nati, "Tatseka, mayi. Zatha basi. Kagoneni tulo."

Tsiku limene mayiyo amati atuluke, a Kamodzi ali pakati poyendera odwala, foni yawo inalira. Anali Mzime.

"Bambo, mayi wa mtima uja asatuluke kaye. Bwerani kuno ku labu."

"Ine ndibwere kumeneko? Lankhula pomwepo, ndili ndi odwala."

"Kachidutswa kakumanzere si chubu."

Anamwino anaona nkhope ya dokotala wamkulu ikuchita mdima, ndipo aliyense anapeza choti ayang'ane pansi. A Kamodzi anadula foni, anamaliza bedi limene anali, n'kutuluka osanena kumene akupita.

Ku labu anali asanapondeko kwa zaka. Fungo la mankhwala osungira minofu linawalandira pakhomo mpaka m'maso munayabwa. Anadutsa tebulo la timadebe ta utoto wofiirira ndi wabuluu, makina ofunda osungunula phula loumitsiramo tizidutswa ta minofu, ndi mayi wina amene ankapukusa chogwirira cha makina odulira, kaphula kopyapyala kakutuluka ngati riboni n'kukayandamitsa pamadzi ofunda. Mayiyo anawapatsa moni waulemu, iwo anangogwedeza mutu. Chipinda cha Mzime chinali kumapeto, chaching'ono, chodzaza matireyi a timagalasi. Pakati pa tebulo panali maikulosikopu ya mitu iwiri, yoti anthu awiri aziona chinthu chimodzi atakhala moyang'anizana.

"Khalani apo, bambo," anatero Mzime.

"Sindikhala. Ndadula machubu iwe usanabadwe. Anthu ako asokoneza mabotolo."

"Tsiku limenelo kuno kunabwera machubu a munthu mmodzi yekha, ndipo mabotolo ndinatsegula ndekha. Khalani, muone."

Anakhala, koma m'mphepete mwa mpando, ngati munthu wodikira basi. Anavula magalasi, anaika maso pa maikulosikopu n'kuyamba kupotokola kogudubuza, mpaka chifunga chapinki chija chinasanduka chithunzi.

"Tiyambe ndi kumanja," anatero Mzime. "Mukuona chiyani?"

"Usandiyese mayeso."

"Chabwino, ndinena ndine. Khoma la mnofu lozungulira, pakati pali njira, ndipo m'njiramo muli mapindo olowa m'kati. Tsopano ndikukulitsa. Taonani maselo oyala pamwamba pa mapindowo."

Anawaona. Anali mumzere umodzi, ataimirira mothithikana, lililonse lalitali kuposa m'lifupi mwake. Kadontho kabuluu ka m'kati mwa selo, nyukiliyasi, kanali kotalika ngati nyemba yoimika. Pamitu pa ena panali timaubweya tosaoneka bwino, tokhala ngati nsidze. A Kamodzi sanafune kulankhula, koma pakamwa panawatsogolera.

"Ataliatali. Kolamuna. Timaubweyato ndi tokankha dzira."

"Eya. Chimenecho ndi chubu, ndipo mwachidula chonse, kuzungulira. Kumanja kulibe mlandu."

Mawu oti "ataliatali" anali awo omwe. Mzime ali m'chaka choyamba cha sukulu ya udokotala anabwera kunyumba patchuthi atakwiya ndi phunziro la epitheliyamu, kakhungu ka maselo kamene kamayala m'kati mwa njira ndi ziwalo za thupi. Ankati maina ake sakulowa m'mutu. Bambo ake anamutengera kukhitchini, mayi ake akudandaula kuti awapingasa. Anamuonetsa matailosi apansi: amenewo ndi ophwatalala, sikwamasi, opyapyala kuti mpweya udutse msanga m'timatumba ta m'mapapo, osalala kuti magazi ayende bwino m'mitsempha ndi kuti matumbo aziterera m'mimba osakhulana. Anatsegula firiji n'kutulutsa thireyi ya ayisi: amenewo ndi a timabokosi, kiyuboyido, msinkhu ndi m'lifupi n'zofanana, ali m'timachubu ta impso, m'chithokomiro, ndi m'tinjira tating'ono ta malovu, kumene kumafunika selo lokhala ndi malo ogwiriramo ntchito yoyamwa ndi kutulutsa madzi. Pomaliza anakoka kireti ya mabotolo kuseri kwa chitseko: amenewo ndi ataliatali, a m'chifu, m'matumbo, mu ndulu, m'chiberekero ndi m'machubu a mazira. Onsewo mzere umodzi wokha, osasanjikizana. Tsiku limenelo anadzimva kuti ndi mphunzitsi woposa onse a kusukuluko, ndipo mwina sanalakwitse. Chimene sanadziwe n'choti pa khitchini pomwepo ndi pamene mwanayo anayambira kukonda timagalasi kuposa mpeni.

Mzime anachotsa kagalasi kakumanja n'kuika kakumanzere.

"Ndi iyo njira," anatero a Kamodzi asanayang'anitsitse n'komwe. "Khoma la mnofu ndi ilo. Ukufunanso chiyani?"

"Mapindo ali kuti?"

"Ndinafinya ndi chopanira. Anaphwanyika."

"Chabwino. Taonani zoyala m'kati."

Anakulitsa. M'mphepete mwa njiramo munalibe maselo oimirira. Munali kamzere kopyapyala ngati kolembedwa ndi pensulo yosongoka, ndipo apa ndi apo nyukiliyasi yophwatalala inkatumphuka pang'ono, ngati munthu wagona pansi pa nsalu. Pakona ina panaunjikana maselo ofiira a magazi.

"Ndi matailosi anu aja, bambo. Uwu ndi mtsempha wa magazi, umodzi mwa yotupa ija. Kunja kwakenso, uku, matailosi omwewo, kakhungu kokuta ziwalo za m'mimba. Ataliatali mulibe."

A Kamodzi anayang'anitsitsa. Kenako anatambasula dzanja kudutsa tebulo n'kugwira okha koyendetsera kagalasi. Anakayendetsa pang'onopang'ono, kumanzere, kumanja, m'mwamba, ngati munthu wofunafuna kiyi mu udzu. Mzime anawasiya. Ndipo mwadzidzidzi anaima, mapewa awo n'kukwera.

"Nanga ichi?"

Pambali pa mtsempha uja panali kanjira kakang'ono kobulungira, kozunguliridwa ndi mnofu wakewake, ndipo m'kati mwake munali maselo ooneka bwino, onenepa, osaphwatalala ngakhale pang'ono. A Kamodzi anadzutsa mutu n'kumuyang'ana mwana wawo ndi diso limene ankayang'ana nalo ophunzira oiwala kusamba m'manja.

"Chubu chimachepa chikamayandikira chiberekero, ngati unaiwala. Ndi chimenechi. Wandiyendetsa ulendo wonsewu chifukwa chosayang'ana m'mbali."

"Ndinakaona dzulo," anatero Mzime mofatsa. "Nanenso mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinafuna kwambiri kuti chikhale chubu, bambo, musaganize kuti zikundisangalatsa. Koma tayang'aninso. Selo limenelo, msinkhu wake ndi m'lifupi mwake, chachikulu n'chiti?"

Anayang'ana. Zinali zofanana. Nyukiliyasi inali yobulungira ngati nsawawa, itakhala pakatikati pa selo, lina ndi lina chimodzimodzi, mzere wonse kuzungulira.

"Timaubweya mukutiona?"

"Mayi amene wangobereka kumene maselo a m'chubu amafupika, timaubweya timachepa. Zimenezo ndiye usandiphunzitse."

"N'zoona, amafupika. N'chifukwa chake ndinayamba kukuonetsani kumanja. Mayi yemweyo, tsiku lomwelo, mpeni womwewo. Kumanja afupikako, koma akadali ataliatali kuposa m'lifupi, timaubweya tilipo, mapindo alipo. Ndipo chubu chimakhala chimodzi. Sunthani pang'ono m'munsi."

Anasuntha. Panali kanjira kena kofanana nako, ndi kenanso pambali pake, tating'onoting'ono, tonse ta timabokosi, titaunjikana ngati mikanda.

"Ndi ayisi wanu uja," anatero Mzime. "Totsalira ta tinjira ta impso zoyamba, zimene mwana amakhala nazo ali m'mimba zisanabwere impso zenizeni. Mwa akazi timafota, koma tina timatsalira m'kansalu kamene kamagwira chubu. Sitipita kulikonse, dzira silidutsamo. Poti tinachokera ku impso, maselo ake akufanana ndi a m'timachubu ta impso. Tinjira timeneti tapusitsapo anthu ambiri. Dzulo ndinapempha kuti adule phula lonse mpaka kachidutswa kathe, ndipo timagalasi take ndi ito m'thireyimo. Ndayang'ana kalikonse. Mwadula kansalu ndi mtsempha wake, bambo. Chubu chinatsala m'mimba, chili chotsegula."

Panja wina ankakoka ngolo ya nsalu zochapa, gudumu limodzi likulira. A Kamodzi anatenga timagalasi ta m'thireyi tija n'kuyamba kutiika okha, kamodzikamodzi. Ankafuna selo limodzi lokha lalitali, limodzi lokha la timaubweya. Munthu wonyada akamafunafuna pothawira amakhala wakhama kuposa wophunzira aliyense. Sanalipeze.

Atamaliza anavala magalasi awo, nalankhula motsitsa mawu.

"Ulembe kuti kachidutswa kanaphwanyika, sikakuoneka bwino. Si bodza kwenikweni. Mayiyu ndidzamuitanitsa mwakachetechete, ndidzaona chochita."

"Kakuoneka bwino, bambo. Mwakaona nokha."

"Ukudziwa kuti zimene ulembezo ziwerengedwa pamsonkhano wa madokotala? Pamaso pa ana amene ndinawaphunzitsa kugwira singano?"

"Ndikudziwa."

"Ndine bambo ako."

"Ndikudziwanso. Koma mayi uja amakhala kutali, ndipo munamuuza kuti zatha. Akatuluka lero sabweranso, abwera ali ndi mimba, ngati afike n'komwe. Ine ndilemba zimene ndaona. Ngati simukufuna kukamuuza, ndipita ndine, ngakhale kuti sandidziwa."

Mawu ake sanakwere. A Kamodzi anamuyang'ana. Anakwiya kwambiri, mkwiyo wa munthu amene wagwidwa ndi mwana wake yemwe, ndipo anadzuka n'kutuluka osatseka chitseko. Mayi wodula phula uja anawatsanzika, iwo sanamve.

Njira yochoka ku labu kupita ku wodi ndi yaitali, imadutsa kochapira, kukhitchini ndi kosungira mankhwala. Pofika kukhitchini mkwiyo unali ukadalipo, koma unali utasowa mwini. Amukwiyire ndani? Mwanayo sanagwire mpeni. Pofika kosungira mankhwala anadzipeza akubwereza m'mutu mmene Mzime anawatsekera njira zonse: anayamba ndi kumanja kuti asadzanamizire kubereka, anadula phula lonse kuti asadzanamizire kuchepa kwa timagalasi, anawasiya apeze okha kanjira konyenga kaja. Anawakonzera ngati mmene iwo amakonzera opaleshoni yovuta, kuganiziratu paliponse pamene magazi angatulukire. Ndipo chinthu china chachilendo chinayamba kukwera m'chifuwa mwawo, pansi pa manyazi. Anayesa kuchikankhira pansi, chinakana. Kunali kunyada. Ndani wina pachipatala chonsechi akanawaimitsa a Kamodzi n'kuwauza kuti mwaphonya? Madokotala anzawo akanayamba ndi kutsokomola, n'kumaliza ndi kupepesa. Amene anatha kutero ndi wa m'nyumba mwawo, wophunzira wa pa khitchini pawo.

Anakumana ndi mayiyo pakhomo pa wodi. Anali atavala kale diresi lake losoka yekha, khanda lili m'manja, ndipo mwamuna wake, dalaivala wa basi, anali atanyamula chikwama ndi beseni. Namwino wamkulu ankawaperekeza, akuwakumbutsa za mankhwala a mtima.

"Adokotala, tikupita," anatero mayiyo akumwetulira. "Mulungu akudalitseni."

"Tabwererani kaye, mayi. Bambo, inunso. Asisitala, tipatseni kachipinda kaja."

M'kachipindamo munali bedi loyezera, mipando iwiri ndi sinki. A Kamodzi anapatsa banjalo mipandoyo, iwo n'kuima. Namwino wamkulu anatsamira chitseko. Pa zaka zonse zimene anagwira nawo ntchito anali asanawamvepo akunena mawu amene anatsatirawo.

"Mayi, ndinakuuzani kuti tatseka. Ndinalankhula msanga. Kumanja ndinatseka. Kumanzere ndinaphonya, ndinadula china m'malo mwa chubu. Mmene mulilimu mukhoza kutenga mimba."

Mayiyo anakumbatira khanda lake mwamphamvu. Mwamunayo anaika beseni pansi pang'onopang'ono.

"Mwaphonya bwanji, adokotala? Si inu amene amati simubwereza?"

"Ndine. Ulendo uno ndibwereza, mukalola. M'mimba munali movuta, koma chimenecho si chifukwa chokwanira. Ndinadula ndisanaone bwino, ndiponso ndinakuuzani zatha ndisanamve za ku labu. Pepani."

"Ndiye mumung'ambenso? Ndi mtima umenewu?" Mawu a dalaivalayo anali atauma. "Munthu anatsala pang'ono kutisiya patebulo panu paja."

"Lero ayi. Lero, mayi akavomera, timuika kachipangizo kolerera pamkono asanatuluke, kuti akhale wotetezeka. Za kutsekanso tikambirana ndi dokotala wa mtima thupi likabwerera m'malo. Ndi opaleshoni yaing'ono kuposa ija, koma sindikunamizani kuti ilibe chiopsezo. Mudzasankha nokha. Mukafuna dokotala wina, ndikupezerani wabwino, sindidzadandaula."

Mwamunayo anapukusa mutu, anayang'ana kudenga, anayang'ana mkazi wake. Mayiyo ndiye nthawi yonseyi ankangoyang'ana nsapato za dokotala. Kenako anafunsa funso limene a Kamodzi sanaliyembekezere.

"Inu munasoka, munatseka pamimba. Ndiye mwadziwa bwanji za m'kati?"

"Tizidutswa timene tinadula tinapita ku labu. Kumeneko amatidula mopyapyala n'kutiyang'ana pa makina okulitsa. Njira iliyonse ya m'thupi ili ndi maselo akeake oyala m'kati. M'chubu cha mazira amakhala ataliatali, okhala ndi timaubweya. M'kachidutswa kakumanzere munali ophwatalala, a mumtsempha wa magazi, ndi ena a timabokosi, amene ndi a kanjira kena kosapita kulikonse. Ataliatali munalibe. Ine ndemwe kanjirako kanandinamiza, ndinati ndi chubu. Dokotala wa kumeneko anakana."

"Anakukanirani inuyo?"

"Anandikanira. Ndinamuuza kuti alembe mofewetsa, anakananso."

Namwino wamkulu anatsokomola pang'ono, kenako anayamba kukonza katani imene inali yokonzakonza kale.

"Ameneyo ndiye wanditola," anatero mayiyo. "Ine ndikanakataya nkhawa zonse kunyumba. Ndi ndani, ndikamuthokoze?"

A Kamodzi anatsegula pakamwa kuti anene zimene ankanena nthawi zonse, dokotala wathu wa timagalasi. Mawuwo sanatuluke. Anaongola khosi, anakonza kolala ya gawuni lawo loyera, ndipo munthu amene anali atangovomera kulakwa anaoneka wamtali kuposa mmene analowera.

"Ndi mwana wanga," anatero. "Womaliza."

Msonkhano wa madokotala unachitika monga mwa nthawi zonse, m'chipinda chotentha cha mipando yapulasitiki. Ambiri anabwera kudzaona mmene a Kamodzi agwere, poti anthu ophunzira nawonso amakonda zoterezi. Anagwa mphwayi. A Kamodzi anaimirira okha, anafotokoza pamene anadumpha lamulo, kenako anapempha Mzime kuti aonetse zithunzi za timagalasi pakhoma. Atafika pa kanjira ka timabokosi kaja anamulanda ndodo yolozera n'kuyamba kufunsa madokotala achinyamata mmodzimmodzi kuti ichi n'chiyani. Oposa theka anati ndi chubu. Iwo anasangalala kwambiri ndi yankho lolakwalo, moti munthu wolowa mochedwa akanaganiza kuti amene anatulukira cholakwacho ndi iwo. Mzime anangokhala pansi akuluma mlomo kuti asaseke.

Kunyumba nako nkhani inavuta. Mlendo aliyense, ngakhale wobwera kudzakonza mpope, ankaimitsidwa m'khitchini n'kuonetsedwa matailosi, ayisi ndi kireti ya mabotolo, kenako n'kuuzidwa mmene Mzime anagwirira bambo ake. Mayi a Mzime anafika poopseza kuti kiretiyo akaitaya.

Mayi wosoka uja anabweradi patapita miyezi, mtima utakhazikika, ndipo anasankha yekha kuti amutsekenso a Kamodzi omwewo. Anati telala amene wasula msoko wake pamaso pako ndi amene umamubwerera. Ulendo uno anapatula zipsera mosathamanga, anachitsatira chubucho mpaka anaona timphonje take ndi maso, anaonetsanso wowathandiza ndi namwino, kenako anadula. Kabotolo anakanyamula okha kupita nako ku labu, akadali ndi chipewa cha ku fiyeta kumutu, n'kukapereka m'manja mwa Mzime.

"Ndi chubu," anatero. "Ndachiona ndi maso anga."

"Tiona," anatero Mzime.

"Uona liti?"

"Phula silifulumizidwa, bambo. Ndikuimbirani."

M'mawa mwake anakaima pabedi pa mayiyo, pamalo omwe aja. Mayiyo anali atadzuka, akuyamwitsa, mwamuna wake atakhala pambali ndi beseni lomwe lija.

"Adokotala, mwatseka?"

Anamwino anaima ndi matireyi awo kuti amve. A Kamodzi ankadziwa bwino lomwe chimene anadula, ndipo lilime linawayabwa kuti anene kuti zatha basi. Anapinda manja kumbuyo, chifuwa chili patsogolo, nayankha mokweza kuti wodi yonse imve.

"Ine ndadula, mayi. Zoti tatseka akuuzani mwana wanga akaona."